Buku, makina odinda chala kapena foni? Ndithandizeni nzeru pa za kalembera wa antchito

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi yadi youmba mabuloko a simenti kunjira ya ku Mchinji, kashopu ka zipangizo zomangira m'tauni, ndi malole awiri operekera katundu. Antchito onse alipo 23: ku yadi 14, kushopu 5, pa malole 4. Mpaka pano timayendera buku, munthu akafika amalemba nthawi n'kusaina. Koma bukulo likuti aliyense amafika 7:00 ndendende tsiku ndi tsiku, ngakhale tsiku loti mvula yachita kugwa usiku wonse. Mwezi ukatha ndiye mkangano wa ovataimu, makamaka anyamata a pa lole. Wina wandiuza kuti ndigule makina odinda chala, mwana wanga akuti zimenezo n'zachikale, ndiike apu pafoni. Amene munaziyesapo, ndilowere kuti?

Yamie: Mayi, mwana wanuyo walasa. Apu basi. Munthu akafika amangodina pafoni pake, GPS imaonetsa pamene ali, inu muli kunyumba mukuona kuti wakuti wafika nthawi yakuti. GPS sinama. Komanso simugula chida chilichonse.

Che Saidi: Iwe Yamie, unafikapo pa yadi ya mabuloko? Ine ndine foromani wa zomangamanga. Pa anyamata khumi amene ndimayenda nawo, ambiri ali ndi foni za mabatani, ndipo wina foni imatsala kunyumba ndi mkazi wake. Apu yakoyo aiika pa chiyani?

Madamu Nyirenda: Ife kusukulu kwathu rejisitala imatithandiza bwino zedi. Timaitana mayina m'mawa uliwonse, amene palibe timamuika chizindikiro, akajomba masiku angapo timaitanitsa kholo. Sindikuona chifukwa chotayira ndalama pa makina.

Nachisale: Zikomo amadamu, koma anga si ana a sukulu, ndi azibambo a ndevu zawo. Ndipo funso si loti wabwera kapena sanabwere ayi. Ndi loti wafika nthawi yanji, waweruka nthawi yanji, chifukwa pamenepo pali ndalama.

Madamu Nyirenda: Ohoo, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komatu buku la aphunzitsi ku ofesi kwa ahedi nalo ndi chimodzimodzi ndi lanulo, aliyense ndi wa 7:00.

aMbewe: Ndagwira ntchito ya malipiro zaka zambiri, zonse zitatuzi zinadutsa m'manja mwanga. Ndisanayankhe ndifunse kaye, mayi. Mwa anthu 14 a ku yadiwo, ndi angati amene mumawalipira pa mwezi, ndipo ndi angati amene mumawalipira powerenga mabuloko amene aumba?

Nachisale: Oumba alipo 9, amenewo ndi pa buloko. Otsalawo ndi foromani, awiri othirira ndi kusanja, ndi alonda awiri ausiku. Asanu amenewa ndi a pa mwezi.

aMbewe: Ndiye vuto lanu lachepa kale. Munthu wolipidwa pa buloko, akafika 7:40 m'malo mwa 7:00, wadzidula yekha. Chimene chimafunika kulembedwa mosamala kwa iyeyo ndi matumba a simenti amene watenga ndi mabuloko abwino amene atuluka. Dzina lake lizilembedwabe tsiku lililonse, chifukwa tsiku lina adzavulala kapena padzabuka nkhani ya kuti wagwira miyezi ingati, ndipo mudzafuna umboni woti analipo. Koma mphindi zake sizikusintha malipiro. Anthu amene mphindi zawo zili ndalama ndi 14 okha: asanu ku yadi, asanu kushopu, anayi pa malole. Ndipo ali malo atatu osiyana. Makina amodzi okhomedwa pakhoma sangawaone onse.

Nachisale: Izi sindinaziganizire choncho. Komabe oumbawo akachedwa, makina osakanizira amangokhala, ndipo dzuwa likakwera ntchito imachepa.

aMbewe: Zoona, koma imeneyo ndi nkhani ya mwambo wa pantchito, foromani athana nayo. Si nkhani yowerengera malipiro.

Jere: Ine ndimaika makina amenewa m'maofesi ndi m'mashopu, ndiye mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti gulani. Ku yadi ya simenti ndikukayika. Makina ambiri otsika mtengo ali ndi kagalasi kowala kamene kamajambula mizere ya pachala. Simenti imaumitsa khungu, imaling'amba, mchenga n'kumalipala, mpaka mizere ija kusalala. Munthu amene waumba zaka zingapo opanda magolovesi, chala chake cha mkomba phala makina amachikana. M'mawa mwina chilola, koma madzulo ataumba tsiku lonse chimakana. Ndiye mumapezeka muli ndi nthawi yolowera, yotulukira palibe, pamene ovataimu ili kotulukirako.

Njira zozembera zilipo. Polembetsa munthu, musatenge chala chimodzi. Tengani ziwiri kapena zitatu, makamaka za dzanja limene saligwiritsa ntchito kwambiri, chala chovala mphete kapena chaching'ono, chifukwa zimenezo sizitha msanga. Chala chouma kwambiri, achipumire mpweya kapena achipake pachipumi, chimagwira. Chonyowa achipukute kaye. Amene akuvutabe, ayambe walemba nambala yake kenako n'kuika chala, chifukwa apo makina akungofananiza ndi munthu mmodzi, osati kufufuza m'gulu lonse. Koma pali ena oti zonsezi zimalephera ndithu.

Yamie: Si pamakhala poti mumatsitsa kuti makina asamavute kwambiri? Ndinaonapo mu menyu.

Jere: Palipo, ndipo ogulitsa ena amatsitsa dala kuti kasitomala asabwerere kudzadandaula. Koma mukatsitsa, makina amayamba kulandira chala chofananako chabe. Wina amadinda, pa sikirini n'kutuluka dzina la mnzake. Tsiku limenelo mmodzi walembedwa kawiri, winayo wajomba pamene analipo. Ine sinditsitsa.

Malangizo anga kwa mayi ndi awa: musapereke ndalama musanayese. Wogulitsayo abweretse makinawo ku yadi. Alembetse anthu atatu amene manja awo ndi okutha kwambiri, osati foromani kapena inuyo. Ndiye ayese cha m'ma 4 koloko madzulo ntchito itatha, aliyense kakhumi. Ngati wina zikumukana kangapo pa kakhumipo, dziwani kuti zidzakhala choncho tsiku lililonse. Wogulitsa akakana kuyesa kotere, mwapeza kale yankho.

Gama wa ku Joni: Kuno kuweyahausi kumene ndimagwira tinkadinda chala, kenako anasintha n'kuika a nkhope. Umangoima patsogolo, wadutsa. Bwanji osagula amenewo?

Jere: A nkhope amathetsadi vuto la zala, koma mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo amafuna malo a mthunzi. Mukawakhoma poti dzuwa la m'mawa likuomba kumbuyo kwa munthu, amavuta. Kwanuko ali m'nyumba yotchinga bwino, achimwene. Yadi ya mabuloko ndi fumbi lokhalokha. Kwa anthu asanu a pa mwezi, ndalama imeneyo sindikuona kuti ibwerera liti.

Nachisale: Nanga magetsi akazima? Ku yadi kuja mwezi wina timakhala maola ambiri opanda magetsi.

Jere: Funsani ngati ali ndi batire m'kati, chifukwa si onse. Okhala nalo amapirira maola owerengeka, osati tsiku lonse. Ambiri amayendera 12V, ndiye ngati muli ndi kasola ndi batire lake, atha kulumikizidwa ndi munthu wodziwa. Zimene zalembedwa kale sizifufutika magetsi akazima, musaope zimenezo. Chimene chimapweteka anthu ndi kabatire kena kakang'ono kozungulira kamene kamasunga wotchi ya makinawo. Kakatha, magetsi akabwera makina amayaka bwinobwino, anthu akudinda, akuti zikomo, koma deti labwerera ku chaka cha 2000. Mumadzazindikira pakutha pa mwezi mutapeza kuti masiku ena mulibe. Ndiye wina aziyang'ana deti ndi nthawi pa sikirini m'mawa uliwonse, afananize ndi foni. Wotchi yake imathanso kutsogola kapena kutsalira ndi mphindi zingapo pakapita miyezi.

China, tsiku loika makina lembetsani woyang'anira. Mukapanda kutero, aliyense atha kulowa mu menyu, kusintha nthawi, kapena kulembetsa chala chake pa nambala ya mnzake. Zoti makina a chala sabereka zimatha pomwepo. Ndipo woyang'anirayo asakhale munthu amene nayenso akudinda pa makina omwewo.

Che Saidi: Apa ndiye mwatilasa ife maforomani. Koma ndi zoona. Ndinaonapo kwina foromani atalembetsa chala chake chaching'ono pa dzina la mlamu wake amene anali kumudzi kukakolola. Mwezi wonse mlamu anafika pa nthawi yake.

aMbewe: Ndiwonjezere mbali imene ogulitsa satchula. Makina sapanga malipiro. Amangosunga nambala ya munthu ndi nthawi imene wadinda. Mukatenga ndi fulashi, a mtundu wa ZKTeco amatulutsa fayilo ya dzina ngati `1_attlog.dat`, ndipo m'kati mwake mumakhala mizere yotere. Ichi ndi chitsanzo chabe, ndadula manambala ena akumapeto:

```
17   2025-03-11 06:56:41
17   2025-03-11 12:02:10
17   2025-03-11 12:58:33
17   2025-03-12 07:03:05
```

Tiyerekeze kuti nambala 17 ndi mnyamata wosanja mabuloko, amalandira K156,000 pa mwezi. Tikagawa ndi masiku 26 ndi K6,000 pa tsiku, tikagawanso ndi maola 8 ndi K750 pa ola. Amayamba 7:00, nkhomaliro ola limodzi, kuweruka 4:00 madzulo. Pa 11 paja walowa 6:56, watuluka kukadya 12:02, wabwerera 12:58. Kenako zii, mpaka m'mawa wa pa 12. Yoweruka palibe.

Pakutha pa mwezi iye akuti tsiku limenelo anapakira lole mpaka 6 koloko madzulo, anayesa kudinda chala chinakana, kapena batire linali litatha. Malamulo a ntchito a dziko lino, a chaka cha 2000, amati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola ndi theka pa ola lililonse. Pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma ndi kawiri. Ndiye maola awiri aja ndi K1,125 kawiri, K2,250. Mumupatsa kapena ayi? Makina alibe yankho. Pulogalamu ya pakompyuta, malinga ndi mmene anaikonzera, ina imamuika kuti anathawa masana, ina imangosiya mpata. Mukamudula theka la tsiku, mwamuchotsera K3,000 pamwamba pa K2,250 imene akuti ndi yake. Munthu ameneyu mawa muli naye ku ofesi ya leba.

Ndiye pambali pa makina pamayenera kukhala buku la zophonya: deti, dzina, chimene chachitika, nthawi yeniyeni, iye asaine, foromani asaine, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Osadikira pa 30. Amene amagula makina poganiza kuti buku latha ntchito amadzaligulanso.

Nachisale: Eee, ndiye kuti buku silindichoka.

aMbewe: Silichoka. Ndipo alonda anu awiriwo samalani nawo. Amalowa madzulo, kutuluka m'mawa wa tsiku lina. Pulogalamu ikapanda kuuzidwa kuti shifiti imeneyi imadutsa pakati pa usiku, imaona ngati Lolemba munthu analowa osatuluka, Lachiwiri anatuluka osalowa. Mwezi wonse umatuluka wofiira. Woika makina azikonza zimenezo inu muli pomwepo, ndipo muone lipoti la sabata yoyamba musanamalize kumulipira.

Yamie: Mwaona? Mavuto onsewa pa apu kulibe. Zonse zimapita zokha pa intaneti, palibe fulashi, palibe kabatire. Za foni za mabatani ndavomera, koma madalaivala ndi a kushopu ali ndi foni zabwino. Ndipo ku leba masiku ano amafuna umboni wa pakompyuta, buku amalikana.

aMbewe: Chomalizacho ayi. Palibe lamulo lokana buku. Ine ndinanyamulapo mabuku kupita nawo ku leba, ndipo buku losainidwa ndi wantchito mwini wake tsiku ndi tsiku limalemera, nthawi zina kuposa pepala la Excel limene bwana wasindikiza yekha dzulo lake. Pepala la Excel aliyense atha kusinthamo nambala. Chimene amafunsa ndi choti zinalembedwa liti, ndi ndani, ndipo wantchitoyo anaziona kapena ayi.

Jere: Komanso zoti GPS sinama, Yamie, chepetsako. Panja poyera imaphonya ndi mamita ochepa, koma m'nyumba ya malata kapena pakati pa nyumba zitalizitali imatha kukuika kutsidya kwa msewu. N'chifukwa chake pa apu mumajambula bwalo lozungulira malo antchito, mwina mamita 100 mbali zonse, kuti munthu asakanidwe ali m'kati. Tsono shopu ya m'tauni, mamita 100 amenewo akuphatikiza siteji ya minibasi ndi pogulitsa tchipisi. Munthu adina ali pa chiwaya, inu mukuti wafika. Mukachepetsa bwalo, ayamba kukanidwa ali pa kauntala.

Palinso mapulogalamu onamiza malo. Pa foni za Android pali malo otchedwa `Select mock location app`, mwana wa fomu 2 atha kuzichita ataonera kamodzi. Apu yabwino imazindikira n'kukana, yotchipa siizindikira. Ndipo funsani chimene chimachitika netiweki ikasowa. Apu zambiri zimasunga m'foni n'kudzatumiza pambuyo, zomwe ndi zabwino, koma nthawi imene yalembedwayo yachokera pa wotchi ya foni, imene mwini wake atha kuibweza m'mbuyo. Yesani nokha: zimitsani data, bwezani wotchi ndi mphindi 30, dinani, yatsani data, muone ngati kwa bwana kukuoneka chenjezo.

Yamie: Chabwino, koma zambiri zimajambulanso nkhope podina. Ndiye kupatsa mnzako foni kuti akakudinire sikutheka.

Jere: Pamenepo ukunena zoona, chithunzi chimathandiza, bola wina azitsegula zithunzizo n'kumaziona. Ndipo pali njira ina yoti foni ikhale imodzi ya kampani, yokhala pa kauntala, aliyense alembe nambala yake n'kudzijambula. Imeneyo imachotsa nkhani ya foni za mabatani. Koma kumbukira kuti apu zambiri zabwino amalipiritsa mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, kawirikawiri m'madola, ndi khadi la kubanki. Kwacha ikagwa, mtengo wakwera. Zaulere zilipo, koma yang'anani ngati zikulolani kutulutsa zolemba zanu zonse tsiku limene mwafuna kusiya.

Che Saidi: Ine ndiyankhulepo ngati wantchito. Foni ndi yanga, ndinagula ndekha. Bandulo ndi yanga. Tsiku limene ndilibe bandulo kapena foni yazima, ndiye kuti ndajomba? Ndipo apu imeneyo ikamaona pamene ndili, imasiya nthawi yanji? Ndikaweruka bwana aziona kuti ndapita kuti? Zimenezi anyamata sangakuuzeni pamaso, mayi, koma azingoti foni yawonongeka, wina yabedwa, mpaka mudzatopa nokha.

aMbewe: Che Saidi afunsa za nzeru. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene akuyang'anira ndi a MACRA, ndipo zidindo za zala ndi nkhope zili m'gulu la zinthu zofuna chisamaliro chapadera. Ndiye kaya ndi chala kaya ndi apu, khalani nawo pansi antchito, muwauze chimene mukutenga, ntchito yake, ndi amene adzachione, alembe kuti amva ndipo avomera. Munthu akasiya ntchito, chala chake chifufutidwe m'makina. Apu ikhale yotenga malo pa nthawi yodina yokha. Bandulo, kwa ine, ndi ya olemba ntchito, chifukwa ndi iwo akufuna zimenezi.

Gama wa ku Joni: Kodi chala chimene chili m'makinamo wina sangachitenge n'kukachigwiritsa ntchito kubanki? Kuno anthu ankaopa zimenezo.

Jere: Makina otere kawirikawiri sasunga chithunzi cha chala, amasunga manambala ofotokoza pamene mizere yathera ndi pamene yagawikana. Si chinthu choti munthu angotenga n'kuthamanga nacho kubanki. Komabe chimakopedwa pa fulashi, ndiye menyu ikhale yotseka.

Nachisale: Ndamva zonsezi. Koma vuto langa loyamba lija likadalipo, buku la 7:00 aliyense. Ngati ndikhala nalo, ndilikonze bwanji?

aMbewe: Bukulo lili ndi mayina olembedwa kale, munthu amangopeza dzina lake n'kulemba nthawi pambali?

Nachisale: Eya, foromani amalemba mayina onse kumayambiriro kwa sabata.

aMbewe: Ndi pamene pali bowo. Mzere wa munthu ukamudikira, wofika 8:30 amalemba 7:00 ndipo palibe chomutsutsa. Sinthani. Tsamba limodzi tsiku limodzi, lopanda mayina. Woyamba kufika alembe dzina lake pamzere woyamba, wachiwiri pamzere wachiwiri, osadumpha mzere. Wotchi ikhale pakhoma pamwamba pa bukulo, imodzi yomweyo kwa onse. Ikakwana 7:10, foromani ajambule mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza, asaine. Aliyense wolemba pansi pa mzerewo wachedwa, kaya alembe nthawi yanji. Kenako foromani ajambule tsambalo ndi foni n'kukutumizirani pa WhatsApp nthawi yomweyo. Uthengawo uli ndi nthawi yake imene iye sangasinthe, ndipo tsamba likadzaoneka losiyana ndi chithunzi, mudziwa. Madzulo chimodzimodzi ndi nthawi yoweruka.

Buku likhale losokedwa, la chikuto cholimba, masamba muwaike manambala nokha musanalipereke, kuti lina likang'ambidwa zioneke. Bolopeni, osati pensulo. Polakwika adule ndi mzere umodzi kuti zakale ziziwerengeka, asaine pambali. Amene sadziwa kulemba adinde chala ndi inki, foromani amulembere dzina. Loweruka lililonse muwerengetse maola a sabatayo, munthu aone, asaine. Mkangano wa masiku asanu ndi limodzi anthu amakumbukira, wa mwezi wathunthu aliyense amakumbukira zomukomera.

Madamu Nyirenda: Mzere wofiirawo ahedi athu akale ankajambula! Aphunzitsi ankachita kuthamanga kuchokera pa geti. Anasiya atabwera ahedi ena amene nawonso amachedwa.

Che Saidi: Amadamu anena mfundo yaikulu mosadziwa. Njira imeneyi yonse yatsamira pa foromani. Iyeyo akachedwa, mzere ujambulidwa 7:40. Akamakondera, asiya mizere iwiri yopanda kanthu pamwamba pa mzere wofiira kudikira anzake.

aMbewe: Chithunzi cha pa WhatsApp chija chimagwira zonse ziwiri. Chikafika 7:45 mwadziwa kuti wachedwa ndi iye, ndipo mizere yosiyidwa ioneka. Chimene sichigwira ndi kusainirana, munthu mmodzi kulemba mayina awiri. Pamenepo chala chimaposa buku, sindikana. Mankhwala ake ndi kutulukira mwadzidzidzi nthawi zina, kutenga buku n'kuwerenga mitu.

Yamie: Ndiye mwabwerera ku foni yomwe ija mumaikana, hahaha.

Jere: Foni imodzi ya foromani, osati 23. Ndi zosiyana.

Nachisale: Ochedwawo ndinkaganiza zoti ndiziwadula K1,000 aliyense wolemba pansi pa mzere, kuti aope.

aMbewe: Ayi mayi, imeneyo ndi faindi, ndipo malamulo a ntchito salola olemba ntchito kulipiritsa faindi. Chimene mungachite ndi kusalipira nthawi imene munthu sanagwire popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Pa chitsanzo chija cha K750 pa ola, wochedwa mphindi 20 ndi K250, osati K1,000. Wochedwa kawirikawiri mumuchenjeze, polemba, mumve mbali yake. Ndipo ngati muwerenga mphindi za m'mawa, muwerengenso za madzulo. Antchito amadana ndi makina kapena buku limene limaona kuchedwa kokha, koma akapitirira ndi theka la ola silikuona.

Che Saidi: Amenewo ndiye mawu.

Nachisale: Nanga a pa lole, amene ndi mutu weniweni? Amanyamuka ku yadi, kukatsitsa mwina ku Area 49, mwina mpaka ku Dowa, kubwera usiku. Akuti tinachedwa chifukwa kasitomala analibe anthu otsitsa. Ine ndidziwa bwanji?

Jere: Makina a pakhoma pamenepo angokuuzani kuti anabwera 8 koloko usiku, osati chifukwa chake. Apa ndi pamene Yamie ali ndi mfundo. Koma ine m'malo mwa apu pa foni ya dalaivala ndikanaika thiraka, kachipangizo kolondola pamene galimoto ili, pa lole yeniyeniyo. Imaonetsa kuti galimoto inaima pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mukutsata katundu wanu, osati foni ya munthu. Nayo ili ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo madalaivala auzidwe kuti ilipo.

aMbewe: Musanafike pa thiraka, yambani ndi mapepala amene muli nawo kale. Pa geti palembedwe nthawi yotuluka, nthawi yobwera ndi makilomita a pa galimoto. Pa pepala loperekera katundu onjezani mizere iwiri, nthawi yofika ndi nthawi yonyamuka, kasitomala asaine. Ngati anafika 2:00 n'kunyamuka 5:30 ndipo kasitomala wasaina, ovataimu ndi yoona, ndipo nkhani yanu ili ndi kasitomala amene anasunga lole yanu maola atatu ndi theka. Ngati ananyamuka 3:00 pa ulendo wa ola limodzi n'kufika 7:00, afotokoze.

Gama wa ku Joni: Makasitomala akwathu angalembe nthawi? Ambiri amene amalandira katundu ndi mlonda wa pa saiti, amangosaina chilichonse dalaivala wamuuza.

aMbewe: Ena atero. Sindikuti ndi yotseka mabowo onse.

Che Saidi: Ndipo masana pa geti ya mayi palibe mlonda, anena kuti alonda ndi ausiku. Wolemba nthawi yotuluka ndi foromani yemwe uja. Mukumuunjikira zambiri munthu mmodzi: matumba a simenti, mabuloko, mzere wofiira, zithunzi, tsopano malole. Mumuwonjezera ndalama zingati?

Nachisale: Hahaha Che Saidi, mwayamba kumenyera anzanu. Tikambirana. Mmene ndamvera, ku yadi ndikonza buku monga anenera aMbewe, ndiyambe Lolemba. Malole ndiyamba ndi mapepala, thiraka ndifunsa mtengo. Kushopu ndiye ndikadali pakati. Kuja manja ndi osalala, magetsi aliko ndi inivheta, ndipo amene ndinamuika kuyang'anira ndi mphwanga, amene amachita manyazi kujambulira mzere anthu akuluakulu kuposa iye.

Jere: Kushopu makina a chala agwira bwino, ndipo achotsa manyaziwo, chifukwa wokana ndi makina osati mphwanuyo. Koma ena amanyamula matumba a simenti ndi laimu kumeneko, ayeseni zala kaye.

aMbewe: Kwa anthu asanu ine sindikanagula. Shopu imatsegulidwa ndi kiyi, wochedwa amaonekera poyera.

Yamie: Foni imodzi pa kauntala ndi chithunzi. Mungoyesa mwezi umodzi ndi yaulere, mukaona kuti siikuthandiza mwataya chiyani?

Nachisale: A Jere, makina oyesera aja mungabwere nawo kushopu Lachinayi madzulo? Ndikufuna ayese bambo wina amene amanyamula simenti, ndiye wa zala zovuta. Yamie, nditumizire kumbali mayina a apu ziwiri zimene zimagwira popanda netiweki, ndiyese zobweza wotchi zija ndekha.

Jere: Lachinayi ndili ku Salima. Lachisanu cha m'ma 4 ndingathe. Asasambe m'manja kapena kudzola mafuta ndisanafike, ndikufuna ndione chala mmene chimakhalira poweruka.